Pepala la Nyenyezi Limene Linawerengedwa ku Ngauma

Mkazi wanga anamwalira mvula ili pakati, atangodwala masiku ochepa. Anandisiyira mwana wamkazi wa zaka zinayi. Malemuyo tinakamuika kwawo ku Ngauma, m'munsi mwa phiri, pafupi ndi munda wa fodya wa amalume ake. Pamaliro sindinalire. Chifukwa chake sindichidziwa. Misozi sinabwere basi. Sabata yotsatira ndinali nditaima kale m'kalasi ku Cuamba, kuphunzitsa masamu.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Amalume a mkazi wanga, amene ndiwo mwini mbumba, anandiitanira pambali tisanabalalike. Anati mwana ndibwerere naye kaye ku Cuamba popeza anandizolowera, koma fodya akachoka m'chigafa tidzakhale pansi. Adzandisudzula monga mwa mwambo, ndipo nkhani ya kumene mwana akakulire idzathera pomwepo. Ndinavomera. Ndinkadziwa mmene nkhani zotere zimathera: mwamuna amapatsidwa ufulu wake, nanyamula chikwama, mwana natsala kwa agogo ake. Ine ndinkafuna mwana wanga. Sindinauze munthu aliyense.

Miyezi imeneyo ndinaphunzira kuphika phala losapserera ndi kupesa tsitsi la mwana popanda kumuliza kwambiri. M'mawa ndinkamusiya kwa mayi wina woyandikana nafe nyumba, masana ndinkamutenga. Ku Ngauma sindinkaimba lamya. Ndikaitenga m'manja, mawu oyambira ankasowa, ndiye ndinkaibwezera m'thumba.

Pafupi ndi msika wa ku Cuamba pali kasitolo kogulitsa makope ndi zolembera, komwe aphunzitsi timakachulukitsa mapepala a mayeso pa makina. Mwini wake ndi mayi wa msinkhu wa amayi anga aang'ono, amene kale ankagwira ntchito mu ofesi ya njanji. Tsiku lina ndikudikira mapepala anga, ndinaona pa tebulo pepala lojambulidwa gudumu logawidwa patatu kanayi, magawo khumi ndi awiri ofanana. M'mphepete munali tizizindikiro ndi manambala, pakati mizere yofiira ndi yobiriwira yodutsana. Maso a mphunzitsi wa masamu salola chinthu chotero kumudutsa.

"Izi ndi za kalasi yanji, mayi?" ndinafunsa.

"Si za kalasi, aphunzitsi. Ndi mapa a kumwamba. Mmene dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zoyenda zinakhalira pa nthawi imene munthu anabadwa."

"Ndiye mumaombeza."

"Ndimawerenga," anatero, akuwongola mapepala anga. "Woombeza amakuuzani za anzanu. Ine ndimangokuuzani za inu nomwe, ndipo anthu ambiri sakondwa nazo."

Ndinaseka pang'ono, ndipo ndinadabwa kumva mawu a kuseka kwanga. Sabata yotsatira ndinabwererako popanda mapepala a mayeso.

Anandilowetsa m'kachipinda ka kuseri, momwe munali makatoni a makope, mipando iwiri ndi kompyuta yakale. Anandipempha zinthu zitatu: tsiku lobadwa, malo, ndi nthawi yake. Ndinamupatsa chiphaso changa. Anachiyang'ana, nandibwezera.

"Tsiku loyamba la chaka, ku Mandimba. Aphunzitsi, anthu a msinkhu wanu amene munabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, theka lanu munalembedwa tsiku limeneli. Mlembi akafunsa tsiku makolo n'kukhala chete, ankangolemba loyamba. Ine sindiwerenga kumwamba kwa mlembi. Amayi anu alipo?"

"Alipo, ku Mandimba."

"Aimbireni."

Ndinawaimbira pomwepo, lamya ili pa tebulo kuti tonse timve. Amayi anali pa msika, kumbuyo kwawo kukumveka anyamata a njinga akuitanira anthu opita ku malire. Poyamba anaganiza kuti pagwa vuto lina. Atamva funso langa anandikalipira kuti ndikuwaonongera malonda, kenaka mawu awo anasintha.

"Tsikulo ndi loona. Koma ku Mandimba ayi, zimenezo tinangonena kuti boma lisativute. Unabadwira tsidya lija, ku Malawi, kumene tinathawira. Anthu anachezera kuvina chaka chatsopano, opanda nyali, chifukwa mwezi unali wathunthu, woyera ngati ufa. Ine ndikumva ululu, anzanga akuimba panja. Iwe unatuluka kutacha."

"Nthawi yanji, amayi?"

"Wotchi ndikanaitenga kuti? Kutacha basi. Mwina nkhuku zitatsika, mwina dzuwa litakwera pang'ono."

Mayi wa sitolo uja anawafunsa dzina la malowo, nalilemba pamodzi ndi tsikulo mu kompyuta. Gudumu linatuluka. Anangoloza ndi cholembera chizindikiro cha dzuwa mbali ino, ndi cha mwezi mbali inayo, zitayang'anizana, mzere wofiira utadutsa pakati pawo. Ndimaphunzitsa ana kuti mwezi umakhala wathunthu pamene wayang'anizana ndi dzuwa, dziko lili pakati. Ndinaziona pamenepo. Amayi anga, amene sanaloweko m'kalasi, anasunga mwezi umenewo m'mutu zaka zoposa makumi atatu, ndipo makina osawadziwa anaubweza pamalo pake penipeni. Ndinaona ngati denga la kachipindako lachoka, ndipo ndaimirira kunja kwa msasa wa udzu m'dziko la eni, mayi wachitsikana akubuula m'kati.

"Izi ndi masamu anu omwe," anatero mayiyo. "Mpaka pano palibe choti mukhulupirire. Kuyambira apa ndi pomwe mungakane."

Anandiuza kuti popeza nthawi sikudziwika bwino, pali mbali ya mapa imene saigwira: chizindikiro chimene chinkatuluka kum'mawa pamene ndinkabadwa, ndi zipinda khumi ndi ziwiri zimene zimawerengedwa kuchokera pamenepo. Zimenezo zimasintha pa maola awiri okha, ndiye kuzinena kukanakhala kunama. Anati awerenga zokhazo zimene sizisuntha kwambiri pa m'mawa umodzi. Kenaka anandifunsa chimene ndabwerera.

Ndinatulutsa kapepala kena, pamene ndinalembapo tsiku lobadwa la mkazi wanga. Ndinafunsa ngati imfa yake inalembedwa kumwambako.

Anakankhira kapepalako kwa ine ndi nsonga ya chala.

"Sindiwerenga munthu amene sanandipemphe, wamoyo kapena womwalira. Ndipo imfa sindiiwerenga. Chimene chinawatenga mayi a mwana, amene angakuuzeni ndi adokotala amene anawaona. Funsani funso limene mungachitepo kanthu."

Panja wina ankafunsa mtengo wa cholembera. Pomaliza ndinati: "Kodi ndingathe kulera mwana ndekha?" Aka kanali koyamba kuti ndizitchule ndi pakamwa.

Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa sitolo utafika pamsewu. Anandionetsa dzuwa langa m'chizindikiro cha Mbuzi, pamodzi ndi Saturno, nyenyezi imene iwo amati ndi ya udindo ndi kudziletsa, ndipo nyenyezi ya nthanda itatsamira pa Saturno yemweyo. Mwezi unali kutsidya, m'chizindikiro cha Nkhanu, chimene amati ndi cha nyumba ndi kulera. Sankalankhula ngati mlaliki. Ankanena chimene mabuku ake amanena za mzere uliwonse, kenaka n'kufunsa: "Kwa inu zimaoneka chonchi, kapena ayi?" Pena ndinkati ayi, iye n'kufufuta pa kope lake. Pena ndinkayamba kuyankha, n'kupezeka kuti ndafotokoza za tsitsi la mwana, za lamya yobwerera m'thumba, za mmene ndimatsukira mbale zotsuka kale. Sindinganene lero kuti zimene zinatuluka m'chipindamo zinachokera ku nyenyezi zingati, ndipo kwa ine zingati. Ndikudziwa kuti ndekha sindikanazitulutsa.

Potuluka anati ndibwere mawa lake kudzatenga pepala. Ndinati ndamva zonse, pepala n'losafunika.

"Aliyense amatero. Mukafika kunyumba mudzakumbukira chinthu chimodzi, chimene chinakupwetekani, zina zonse n'kuiwala. N'chifukwa chake ndimalemba. Tsamba limodzi lokha; likapitirira, munthu saliwerenga. Ndipo sindilembamo chimene sitinakambirane muno."

Mawa lake ndinalitenga. Linalembedwa m'Chipwitikizi, mbali imodzi. Ndinaliwerenga nditaimirira, ndinalipinda panayi, ndinaliika m'chikwama cha chiphaso.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mlamu wanga wamkazi, mkazi wa mchimwene wa malemu, anali ku Cuamba sabata imeneyo kudzagulitsa nyemba. Anandiona ndikulowa kuseri kwa sitolo, nafunsa anzake a pamsika kuti kuseriko kumachitika zotani. Anamuyankha ndi mawu amodzi. Pofika ku Ngauma nkhani inali itakula kale: mkamwini wapita kukaombeza imfa ya mkazi wake, ndipo wapatsidwa pepala.

Munthu woferedwa akapita kukaombeza osauza abale a malemu, tanthauzo lake ndi limodzi: akuganiza kuti mfiti ili pakati pawo. Ndipo banja la mkazi wanga ndi la mpingo kuyambira kwa makolo awo. Kwa iwo ndinali nditachimwa kawiri.

Uthenga woti ndibwere unafika nyengo yozizira, fodya atapita. Tinakwera chapa, minibasi ya kuno, ndi mwana mpaka ku Mandimba, komwe tinatenga achimwene anga aakulu, ankhoswe a ukwati wanga, n'kupitirira ku Ngauma. Titatsika ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Mwana anamulandira ndi manja awiri, namutengera kukhitchini. Ife anatipatsa mphasa m'chigafa chopanda fodya, momwe fungo lake linali likadalimo, ndipo madzi akumwa anachedwa.

Anabwera amalume, mchimwene wa malemu, ndi azimayi angapo amene anakhala kunja kwa chigafa. Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anakhala patali pang'ono, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu wa apongozi ndi mkamwini. Chikwatirireni mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanalankhulane maso ndi maso. Mawu ankadutsa mwa mkazi wanga.

Amalume anayamba ndi pemphero lalifupi. Atati ameni, sanazungulire.

"Aphunzitsi, tinati tidzakambe za mwana. Koma pali nkhani yatsogola. Tamva kuti munapita kukafunsa amene anadya mwana wathu. Ndiye tiuzeni pano, dzuwa likuswa mtengo. Ndine? Ndi mayi ake awa? Tidziwiretu, kuti tisamapereke mdzukulu kwa munthu amene adzamuuze kuti agogo ake ndi mfiti."

Achimwene anandiyang'ana, chifukwa sindinawauze kalikonse. Ndinati sindinafunse za munthu aliyense wa pano.

"Koma munapita?"

"Ndinapita."

"Ndipo pepala anakupatsani?"

"Anandipatsa."

"Lili kuti?"

Ndikanatha kunena kuti ndinalitaya. Koma ndiye dzina limene ankaliopa likanakhala m'pepalalo mpaka kalekale. Ndinalitulutsa, ndinayamba kulifunyulula kuti ndiwerenge.

"Iyayi," anatero amalume. "Mbuzi siiwerengera yokha mlandu wa chimanga. Perekani kwa mlamu wanu."

Mlamu wanga, mchimwene wa malemu uja, anaphunzira mpaka sekondale ndipo amawerenga mawu kutchalitchi. Analigwira pepalalo m'mphepete ngati lotentha. Ankawerenga mzere m'Chipwitikizi chamumtima, milomo ikugwedera, kenaka n'kuumasulira mokweza.

"Pamwamba pali dzina la alamu, tsiku lobadwa, malo. Akuti nthawi yobadwa sikudziwika bwino, ndiye mbali ina sinawerengedwe. Kenaka akuti, funso limene munabwera nalo." Anaima. "Akuti: kodi ndingathe kulera mwana wanga ndekha?"

"Limenelo ndi funso loyamba," anatero amalume. "Pitirira, lachiwiri likubwera."

"Palibe lachiwiri, amalume. Zikubwera ndi mphamvu zitatu."

"Mphamvu za yani?"

"Za alamu omwewa."

"Ehe. Timve mphamvu za aphunzitsi."

Mlamu wanga anawerenga. Yoyamba: mumapirira ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo chimene mwayamba simuchisiyira panjira, ngakhale palibe wokuonani. Yachiwiri: muli ndi mtima wolera, mumaona msanga chimene mwana akusowa asanachinene. Yachitatu: mukakonda munthu simusintha, ndipo chikondi chanu chimaoneka m'zochita, osati m'mawu. Pansi pa mzere uliwonse panali mayina a nyenyezi zimene mfundoyo inachokerapo, ndipo mlamu wanga ankawatchula mosamala, Marte, Saturno, ngati mayina a mankhwala.

"Amenewo ndi ayani?" anafunsa mayi wina kunja. "A kwa Saturno ndi a mudzi uti?"

"Ndi nyenyezi, azakhali," anatero mlamu wanga.

"Ooo. Ndimayesa ayamba kutchula anthu."

Ena anaseka, koma amalume ayi. "Munthu ukamulipira amakuyamikira," anatero. "Ngakhale wogula fodya amayamba wayamikira tsamba asanaligwetse mtengo. Pitirira."

"Tsopano akuti zokokana ziwiri."

Ine ndinayang'ana pansi. Panali nyerere zikukoka kachidutswa ka tsamba la fodya. Ndinkadziwa mizere imene ikubwera, ndipo ndikanasankha kuvula malaya pamaso pa apongozi kusiyana ndi kuimva ikunenedwa.

"Choyamba: mumamva zinthu mozama, koma nkhope ndi pakamwa zimatseka. Pamene mwapwetekedwa kwambiri ndi pamene mumakhala chete kwambiri. Anthu okukondani angaone ngati simukuwafuna, kapena ngati muli nawo chifukwa." Mlamu wanga anatsitsa chala pa mzere wotsatira. "Chachiwiri: mumaona kupempha thandizo ngati kulephera. Mumafuna kusenza nokha kuti muonetse kuti mungathe, ndipo mwana angakule ndi bambo wotopa, wopanda abale."

Kutali kunkamveka mwana wanga akuseka ndi anzake. Mawu amene ndinawamva m'kachipinda ka makatoni, kwa munthu mmodzi, tsopano anali atanenedwa m'chinenero cha kwathu, ndi pakamwa pa mchimwene wa mkazi wanga, amene mawu ake amafanana ndi a mlongo wake akatsitsa. Ndinachita mantha a mtundu wina, ngati amene umamva ukaima m'munsi mwa thanthwe lalikulu. Pepala laling'ono lija linali litanena m'mizere inayi chimene ine ndinalephera kunena miyezi yonseyo.

"Dzina la munthu lili pati?" anafunsa amalume, mawu atatsika.

"Palibe, amalume."

"Tembenuza."

Mlamu wanga anatembenuza. Kuseri kunali koyera. Amalume analitenga, analiyang'anitsa padzuwa ngati ndalama yokayikitsa, nalibweza.

"Ndiye munthu wapita kwa woombeza, walipira, n'kubwerako ndi mlandu wake womwe?"

"Zatsala zochita," anatero mlamu wanga.

Zinali zinayi, zazifupi. Musasamuke nyumba kapena kusintha ntchito chaka chino. Mwana wataya kale zambiri. Konzani bwino za womusamalira mukakhala ku ntchito, ndipo mukawauze akuchikazi dzina lake ndi mmene mwagwirizanirana. Sabata iliyonse muuzeni mwana chinthu chimodzi chokhudza mayi ake, mokweza, ngakhale mawu atakuvutani. Pemphani abale a mkazi wanu thandizo limodzi lodziwika bwino, ndi pakamwa panu, osati kudzera mwa ankhoswe. Pansi penipeni panali mzere wa zilembo zing'onozing'ono: pepalali silichotsa malo a dokotala, a mpingo kapena a banja, chosankha ndi chanu.

Amalume anafunsa ngati zimenezi ndazichita. Ndinati nyumba sindinasamuke. Ndinafotokoza za mayi woyandikana nafe, kuti ndi wa mpingo, ali ndi ana ake awiri, ndipo tinagwirizana zotani. Ndinati za mayi ake ndayamba kumuuza mwana Lamlungu lililonse: kuti ankadana ndi therere, kuti ankaimba molakwitsa mawu, kuti anathyoka dzino akudya nzimbe.

"Linathyokera pano dzino limenelo," anatero azakhali aja. "Nzimbe yake yakuba."

"Nanga chachinayi?" anafunsa amalume.

"Sindinachite."

"Chifukwa?"

Achimwene anakhosomola, nayamba kuti, "Monga ankhoswe, ine ndinganene kuti..." koma amalume anakweza dzanja.

"Pepani, bambo. Pepala lakana ankhoswe. Ine za nyenyezi sindigwirizana nazo, ndipo aphunzitsi akadzapitanso kumeneko ndidzawatengera kwa abusa ndekha. Koma mawu awa, ngakhale akanalemba ndi woledzera, ndi oona. Miyezi yonseyi munthu osaimba, osabwera, pamaliro maso gwa ngati mlendo. Ife tinkati watiyesa mfiti kuyambira tsiku lomwelo. Ndiye pemphani, aphunzitsi. Tili pano."

Ndimaima pamaso pa ana ambirimbiri tsiku lililonse, mawu osandisowa. Pamphasa paja sizinali choncho. Ndinatembenukira kumene kunakhala apongozi anga, chinthu chimene mkamwini sachita, ndipo azimayi ena anagwira pakamwa.

"Amayi," ndinatero. "Mwana ndikumufuna. Ndikupempha akhale ndi ine. Koma pali zimene sindidziwa. Akadzuka n'kufunsa kuti amayi ali kuti, ndimangomupatsa madzi. Ndikupempha muzibwera ku Cuamba mukatha kukolola, mudzakhale nafe ngakhale mwezi. Ndipo sukulu ikatsekera, mutilole tizibwera kuno tonse awiri. Musanditsekere pakhomo pano."

Mawu otsirizawo sanatuluke bwino. Ndinamva nkhope ikutentha, kenaka kunyowa, ndipo sindinaipukute.

Apongozi anga sanatembenuke msanga. Anakonza mpango kumutu, nayang'ana kumunda. Kenaka anatembenuka thupi lonse, nandiyang'ana m'maso koyamba chikwatirireni.

"Mwana wanga ankandiuza," anatero. "Ankati, amayi, mwamuna uyu akakwiya amatsuka mbale, akakondwa amatsuka mbale, ndiye ine ndidziwa bwanji? Ine ndinkaseka. Tsiku la maliro ndinaiwala zimenezo. Ndinangoona mwala." Anayang'ana kukhitchini. "Mwana ndamuona. Tsitsi mumaluka moipa, bambo. Koma ndi wonenepa, ndipo zikhadabo n'zowenga."

Kenaka anayang'ana mlongo wawo, amalume aja, ndipo anakambirana motsitsa, mawu ena m'Chiyao, chimene achikulire a kumeneko amathawirako akafuna kuti ana asamve zonse. Sizinathe msanga. Mlamu wanga wamkazi, wa nyemba uja, ananena kuti mwamuna wa msinkhu wanga sakhala yekha nthawi yaitali, ndipo mkazi wachiwiri akadzabwera mwana adzasanduka wantchito. Palibe anamutsutsa, ndipo nanenso ndinalibe lonjezo loti ndimupatse limene iye akanalikhulupirira. Amalume anati mfundoyo isungidwe.

Chigamulo chinali chotere. Kusudzula kuchitike monga mwa mwambo, chifukwa mwambo si wanga ndekha. Mwana akhale ndi ine nthawi ya sukulu, ndipo tchuthi chilichonse abwere ku Ngauma, ine nditamuperekeza ndekha, osati kumutumiza ndi kondakitala. Agogo ake abwere ku Cuamba akatha kututa. Ndikadzafuna kukwatira, nkhani ya mwana idzakhalidwenso pansi ndisanapite kukafunsira. Ndipo mwana ndi wa mbumba imeneyi, kulikonse kumene akugona. Ndinavomera zonse.

Nditatambasula dzanja kuti nditenge pepala langa, amalume analipinda, naliika m'thumba la malaya awo.

"Ili litsala kuno. Inu mwaliloweza kale. Ine kuwerenga Chipwitikizi sinditha, koma ndili ndi wondiwerengera."

Tinanyamuka mawa lake m'mawa, kuzizira kukuluma zala. Apongozi anamumasula mwana tsitsi lonse, namulukanso bwinobwino ine ndikuonerera, akundionetsa pogwira ndi pokoka, osanena mawu ambiri. M'chapa mwanayo anakhala pamiyendo panga, atagwira chisononkho cha chimanga chowotcha, ndipo tisanafike ku Mandimba anali atagona.

Lamlungu lotsatira lamya inalira tikudya. Anali amalume, akukuwa monga amachitira anthu amene sakhulupirira kuti mawu afika.

"Aphunzitsi! Chachitatu chija, sabata ino mwamuuza chiyani?"

Ndinati sindinamuuzebe, tsiku likadalipo.

"Mpatseni lamya. Ndimuuza ine za nzimbe ija mmene zinakhalira. Inu munamva mbali imodzi."

Ndinamupatsa mwana lamya. Anaigwira ndi manja awiri, mpunga uli pachibwano, namvetsera.